Fayilo Ikamangozungulira mu Ofesi, Vuto Limakhala Pati?

"Ili ku akawunti." Mawa lake, "Yabwerera kwa ogula katundu." Sabata yotsatira, "Taitumiza kwa osunga katundu." Aliyense amene anaperekapo katundu ku bungwe kapena ku ofesi ya boma n'kumadikira malipiro amawadziwa mayankho amenewa. Ambiri timathamangira kunena kuti ndi ulesi kapena wina akufuna kangachepe. Zimenezo zimachitika ndithu, koma nthawi zambiri fayilo imazungulira ngakhale aliyense akugwira ntchito yake molondola.

Tiyerekeze kuti kalipentala wapatsidwa oda ya madesiki 50 ndi sukulu ina. Oda yalembedwa pa chikalata chotchedwa LPO. Pa ulendo, madesiki awiri athyoka, ndipo wosunga katundu walandira 48 okha, n'kulemba nambala yomweyo pa GRN, chikalata chosonyeza katundu amene wafikadi. Koma kalipentala anali atalemba kale invoisi ya madesiki 50.

Wa akawunti salipira pokhapokha LPO, GRN ndi invoisi zitagwirizana. Poona kusiyana, akubweza fayilo kwa wogula katundu atalemba mawu awiri okha: "Mapepala sakugwirizana." Wogula katundu akuyerekeza LPO yake ndi invoisi, akupeza 50 uku ndi 50 uku, ndiye akuitumiza kwa wosunga katundu. Naye akuwerenganso madesiki, akupeza 48 monga analembera, n'kuibwezera ku akawunti. Palibe walakwitsa, koma palibenso waona zikalata zonse zitatu ndi cholinga chothetsa nkhaniyo. Ndipo ikazungulira nthawi yaitali, satifiketi ya MRA yosonyeza kuti kalipentalayo alibe ngongole ya msonkho imatha mphamvu, ndiye pabadwa chifukwa chatsopano choibwezera, chimene chimaphimba choyamba chija.

Kuti mupeze gwero, musayambe ndi kufunsa kuti wolakwa ndani, chifukwa aliyense adzaloza mnzake. Yambani ndi ulendo wa fayiloyo. Tengani pepala, mulembe nthawi iliyonse imene inasuntha: tsiku, yachokera kwa yani, yapita kwa yani, ndi chifukwa chimene chinalembedwa. Madeti a pa zidindo ndi buku losainira polandira makalata zidzakuthandizani. Mukatero, fufuzani tsiku limene inabwerera m'mbuyo koyamba. Gwero limakhala pamenepo, osati pamene fayilo yaima lero.

Kenako pitani kwa amene anaibweza koyambayo mukamufunse funso limodzi: "Kodi mukufuna kuona chiyani kuti musaibwezenso?" Yankho lake lidzakuuzani mtundu wa vuto.

Akatchula chinthu chenicheni chimene chikusowa, ndiye kuti vuto ndi uthenga. Iye ankadziwa chofunika koma sanachilembe, ndipo wolandira ankangoganizira. Chizindikiro chake n'chakuti zifukwa zolembedwa zimakhala zosamveka bwino, kapena zimasintha ulendo uliwonse chifukwa wofufuzayo amasiyira pa cholakwika choyamba chimene wapeza. Mankhwala ake ndi kufufuza fayilo yonse kamodzi, n'kulemba zonse zosowa pamodzi.

Akanena kuti akudikira wina, ndipo winayo n'kunena kuti akudikira woyamba uja, ndiye kuti malamulo awo akolana. Apa fayilo imangoyenda pakati pa anthu awiri omwewo popanda chosintha m'kati mwake. Kukumbutsana sikuthandiza, pamafunika wamkulu wa onse awiri anene amene ayambe.

Akanena kuti "zimenezo si za ine kugamula," ndiye kuti pali chigamulo chopanda mwini. Apa ndi pamene pagona nkhani ya madesiki ija. Pamafunika munthu woti asankhe chimodzi: kalipentala abweretse madesiki awiri otsalawo, kapena akonze invoisi kuti alipidwe 48. Koma palibe amene anauzidwa kuti kumuimbira kalipentala ndi udindo wake, ndipo aliyense akuopa kusaina chinthu chimene ofufuza za chuma angadzamufunse. Kubweza fayilo kulibe mlandu, pamene kusaina kuli nawo, n'chifukwa chake anthu amasankha kubweza.

Fayilo imodzi singakuuzeni ngati inali ngozi chabe kapena ndi chizolowezi cha ofesiyo. Tengani mafayilo 20 amene anabwezedwapo, muwerenge zifukwa zake. Chifukwa chimodzi chikamabwera mobwerezabwereza, konzani pamene chimayambira. Kwa sukulu ija, ndi pakhomo polandirira katundu: wosunga katundu aziyerekeza zimene walandira ndi LPO woperekayo asanachoke, ndipo zikasiyana, wogula katundu adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Ofesi ikhozanso kuika lamulo lakuti fayilo ikabwezedwa kachiwiri isatumizidwenso pa pepala. Onse okhudzidwa akhale pansi fayiloyo ili patebulo, ndipo asabalalike asanatchule dzina la munthu mmodzi amene aiyendetse mpaka malipiro atatuluka.