Kuchotsa tsitsi la m'khwapa ndi cheya cha m'miyendo popanda kuwononga khungu

Amayi ambiri akamasankha njira yochotsera tsitsi la m'khwapa kapena cheya cha m'miyendo amafunsa kuti khungu lisalala masiku angati. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti khungu lioneka bwanji pakatha mlungu umodzi. Khungu lakuda likapsa, likakalika kapena likatupa, limapanga mtundu wochuluka pamalopo, ndipo banga lakuda lotsalira limatenga miyezi kuti lizimiririke. Tsitsi limameranso pakangopita masiku ochepa, koma banga limatsala. N'chifukwa chake njira yabwino kwa mayi wa khungu lakuda ndi imene situpitsa khungu lake, ngakhale itakhala yosasalalitsa kwambiri.

Tsitsilo palokha si litsiro. Fungo la m'khwapa limabwera tizilombo ta pakhungu tikamadya thukuta, ndipo kusamba ndi sopo kumathandiza kaya tsitsi lilipo kaya palibe. Wochotsa amachotsa chifukwa wafuna, osati chifukwa thanzi lamulamula.

Lezala ndi limene ambiri amayambira, poti n'lotsika mtengo ndipo limapezeka paokala iliyonse. Limadula tsitsi molingana ndi khungu, muzu n'kutsala, choncho pakatha tsiku limodzi mpaka atatu zitsa zimayamba kumveka. Anthu amati kumeta kumakhwimitsa tsitsi, koma si zoona. Tsitsi losametedwa limakhala lopyapyala kumapeto, pamene lometedwa ladulidwa pakati pomwe n'lonenepa, ndiye likamatuluka limamveka lolimba. Kuchuluka kwake ndi mtundu wake sizisintha.

Vuto lenileni la lezala lili pa tsitsi lopotana, limene ambiri a ife tili nalo. Mpeni umasiya nsonga yakuthwa ngati munga, ndipo poti tsitsilo limakula mopindika, nsongayo imabwerera n'kubaya khungu, kapena imakulira mkati osatulukira n'komwe. Thupi limalimbana nayo, pamalopo n'kutuluka kachiphuphu koyabwa, kenaka banga. Mukamameta mopalira kwambiri, m'pamenenso nsongayo imatsalira pansi pa khungu. Malezala a mipeni itatu kapena isanu amameta mopalira chonchi, ndipo kwa wa tsitsi lopotana la mpeni umodzi kapena iwiri nthawi zambiri limachita bwino.

Kameteni kumapeto kwa kusamba, tsitsi litanyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi zitatu kapena zisanu, chifukwa likamwa madzi limafewa. Pakani thovu lometera kapena mafuta ofewetsa tsitsi a m'mutu kuti mpeni uziterereka, chifukwa sopo wochapira amaumitsa khungu. Yendetsani lezala motsata kumene tsitsi lagonera. Pamiyendo ndiye kuti kuchokera kubondo kutsikira kukakolo. M'khwapa tsitsi limagonera mbali zosiyanasiyana, choncho kwezani mkono, yang'anani pagalasi, n'kumameta pang'onopang'ono osabwereza malo amodzi kangapo. Lezala lisinthidwe mukametera kasanu mpaka kasanu ndi kawiri, kapena msanga likayamba kukoka tsitsi, ndipo lizisungidwa pouma, osati m'bafa monyowa. Musabwerekane lezala ndi munthu wina aliyense, ngakhale m'bale wanu, chifukwa matenda a chiwindi a hepataitisi B ndi C amatha kufala ndi timagazi tosaoneka ndi maso.

Titenge mayi wa khungu lakuda ndi tsitsi lopotana amene amameta m'khwapa pouma m'mawa uliwonse wachiwiri, n'kupaka rolo-oni nthawi yomweyo. M'khwapa mwake mwada, muli tiziphuphu, ndipo wayamba kupakamo mandimu kuti muyere. Zonse zitatuzi zikuwonjezera kutupa, ndipo mandimuwo akuotcha khungu lomwe lakalika kale. Choyamba aleke kumeta kwa milungu inayi. Akafuna kuti tsitsi lisatalike, alidule ndi sizasi kapena makina ometera a magetsi osiya kachitsa ka milimita imodzi, chifukwa tsitsi lotsala pamwamba silibaya khungu. Madzulo aziika kansalu koyera konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi khumi, ndipo asafinye kapena kutokosa ndi singano. Tiziphuphu tikaphwa abwerere ku lezala latsopano, azimeta usiku kamodzi kapena kawiri pa mlungu, rolo-oni n'kupaka m'mawa mwake. Tiziphuphu timachepa m'milungu yochepa, koma kudako kumatha pang'onopang'ono, mwina pa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Tikabwereranso ngakhale akumeta mosamala, khungu lake lakana lezala, ndipo makina aja ndi amene angamuyenere nthawi zonse. Ine ndimaona kuti njira imeneyi amayi amainyoza mosayenera, chonsecho ndi yofatsa kuposa zonse.

Kirimu wochotsera tsitsi, monga Veet kapena Nair, amagwira ntchito mwanjira ina. Muli mankhwala otchedwa thayogilaikoleti amene amasungunula tsitsi mpaka lifewe n'kupukutika. Ubwino wake ndi wakuti nsonga yotsala imakhala yobuntha, choncho sibaya kwambiri, ndipo khungu limasalala masiku angapo kuposa la lezala. Koma tsitsi ndi chikopa chapamwamba cha khungu n'zopangidwa ndi chinthu chimodzi, ndiye kirimu akakhalitsa amadyanso khungu. Apa m'pamene ambiri amapsera: tsitsi lokhwima likapanda kuchoka pa mphindi zolembedwa, amawonjezera nthawi. Mphindi zimenezo, zomwe kawirikawiri zimakhala pakati pa 3 ndi 10 malinga ndi mtundu wake, si zoti n'kupitirira. Yesani kaye pakamalo kakang'ono, mudikire maola 24. Mukamva kuotcha muli mkati mopaka, tsukani nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ozizira. Kirimu amayenerera miyendo ya khungu lopanda vuto kuposa m'khwapa, momwe khungu n'lopyapyala. Wa khungu losachedwa kuyabwa, wa zilonda, kapena amene wangometa kumene, asamugwiritse ntchito.

Kuzula ndi wakisi kumachotsa tsitsi ndi muzu womwe, ndipo khungu limakhala losalala milungu itatu kapena inayi, ena kupitirira. Mtengo wake ndi ululu komanso kudikira, chifukwa tsitsi liyenera kufika mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi kuti wakisi aligwire. Choncho pamwezi uliwonse pamakhala masiku amene miyendo ili ndi cheya chooneka, ndipo amene sangapirire zimenezi asadzivutitse. Pamiyendo, pomwe malo ndi aakulu ndipo cheya sichipotana kwambiri, wakisi amachita bwino. M'khwapa tsitsi lopotana limatha kuthothokera pakati m'malo mozuka, n'kumakuliranso mkati. Ku saluni yang'anitsitsani kamtengo kopakira: kakakhudza khungu kasabwererenso mumphika. Ena amaphika shuga, madzi ndi madzi a mandimu kunyumba mpaka zinande. Njirayi imagwiradi ntchito, koma shuga wotentha amamatirira pakhungu n'kupitiriza kuotcha, ndiye muyeseni kaye pamkono atazizira bwino. Mukatha kuzula, pewani rolo-oni, madzi otentha ndi zovala zothina kwa tsiku limodzi.

Pali amayi amene wakisi ndi kirimu sizowayenera ngakhale pang'ono, ndipo nkhaniyi imandidetsa nkhawa chifukwa ambiri sanena. Mafuta oyeretsa khungu ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la masiteroidi, monga kilobetazolo ndi betametazoni. Akapakidwa nthawi yaitali khungu limapyapyala, timitsempha n'kumaonekera, ndipo wakisi akakokedwa amatha kusenda khungulo, balalo n'kuchedwa kupola. Chimodzimodzinso amene akumwa mankhwala a ziphuphu otchedwa aisotiretinoini, kapena amene wawasiya miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Wa matenda a shuga asamale ndi chilichonse chotha kusiya bala pamwendo, ndipo pamene mitsempha ya m'miyendo yatupa pasapakidwe wakisi wotentha. Kwa onsewa makina ometera a magetsi ndiwo otetezeka.

Makina a leza amachepetsa tsitsi kwa nthawi yaitali, koma ayenera kumvetsetsedwa bwino. Kuwala kwake kumafunafuna mtundu wakuda wa m'tsitsi, n'kusanduka kutentha kopha muzu. Pakhungu loyera lokhala ndi tsitsi lakuda kuwalako sikusochera. Pakhungu lakuda mtundu womwewo uli pakhungu ponse, ndiye makina osayenera amaotcha khungu n'kusiya mawanga akuda kapena otuwa. Amene amayenerera khungu lakuda ndi otchedwa Nd:YAG, a kuwala kwa 1064 nm, chifukwa kumalowa mozama popanda kumwedwa kwambiri ndi khungu lapamwamba. Funsani dzina la makinawo musanalipire, ndipo pemphani kuti ayese kaye pakamalo kamodzi. Timakina ta kunyumba tolembedwa IPL sitinapangidwire khungu lakuda kwambiri, ndipo mapepala ake omwe amachenjeza zimenezi. Pamafunika maulendo pafupifupi 6 mpaka 8, motalikirana milungu inayi mpaka isanu ndi itatu, chifukwa leza amapha tsitsi lokhalo limene lili pa nthawi yokula, ndipo si lonse limakula nthawi imodzi. Pakati pa maulendowa mumaloledwa kumeta koma osati kuzula, poti muzu uyenera kukhalapo. Imvi sizimva leza. Ndalama zake n'zambiri, koma kwa mayi amene tiziphuphu ta m'khwapa tamuvuta zaka zambiri, ndi njira imene imafika pagwero la vutolo.

Sikuti thupi lonse lifunika njira imodzi. Mayi mmodzi yemweyo akhoza kuzula miyendo kamodzi pamwezi n'kumangodula m'khwapa ndi makina, chifukwa makungu awiriwa ndi osiyana. Khungu la pamsongolo limauma msanga, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, ndipo likametedwa louma limatuwa n'kuoneka timadontho takuda. Kudzola mafuta opanda fungo mukangosamba kumathandiza kwambiri kuposa kusintha lezala.

Tiziphuphu wamba ta kumeta timaphwa tokha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Pitani kuchipatala ngati chotupa chikukula, chikutentha, chikutuluka mafinya kapena mwayamba kutentha thupi. Pitaninso ngati zithupsa zowawa zimabwerabwera malo omwewo m'khwapa n'kumasiya zipsera zolimba, chifukwa alipo matenda a khungu okhalitsa amene amayamba chonchi ndipo kusintha kametedwe sikungawathetse. Chotupa cholimba cha mkati mwa khwapa chimene chatha milungu iwiri osaphwa chikaonedwe ndi dokotala ngakhale chisakupwetekeni, chifukwa m'khwapa muli tinthu totchedwa mwanabere timene timatupa pa zifukwa zosiyanasiyana, kuphatikizapo matenda a bere.