Kusefa Mapaketi a Adiresi Yabodza pa Khomo la Netiweki

Uthenga uliwonse woyenda pa intaneti umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula maadiresi awiri: ya kumene ikupita ndi ya kumene yachokera. Makina olondolera mapaketi, otchedwa marauta, amayang'ana adiresi ya kopita kuti adziwe njira yoponyera paketiyo. Adiresi ya kochokera kawirikawiri saiyang'ana n'komwe, chifukwa safunika kuidziwa kuti agwire ntchito yawo. Kompyuta yotumiza ndiyo imalemba adiresi imeneyi, ndipo munthu amene ali ndi ulamuliro wonse pa kompyutayo akhoza kulembapo adiresi ya wina aliyense.

Zimafanana ndi kalata ya ku positi. Wosankha makalata amawerenga kutsogolo kwa envelopu, ndipo safunsa ngati dzina lolembedwa kumbuyo ndi la munthu amene waponya kalatayo. Kalata imafika bwinobwino, koma yankho lake limapita kwa mwini adiresi yolembedwa kumbuyoyo, ngakhale iye sanalembe kalata iliyonse.

Mmene bodza la adiresi limavulazira

Pa intaneti pali njira ziwiri zikuluzikulu zotumizira uthenga. Njira ya TCP imayamba ndi kulonjerana: wotumiza agogoda, wolandira ayankha, wotumiza atsimikiza kuti yankho walimva. Wonama adiresi zimamuvuta kumaliza malonje amenewa chifukwa yankho silibwerera kwa iye. Njira ya UDP ilibe malonje. Funso likangofika, seva imayankha nthawi yomweyo ku adiresi imene yalembedwa pa paketi.

Apa ndi pamene achiwembu amapezerapo mpata. Amatumiza mafunso ang'onoang'ono ambirimbiri ku maseva osalakwa a m'mayiko osiyanasiyana, funso lililonse atalembapo adiresi ya munthu amene akufuna kumuvulaza. Maseva onsewo amayankha kwa munthuyo, ndipo mayankho amakhala aakulu kuposa mafunso. Njira yake ya intaneti imadzaza ndi mayankho a mafunso amene sanafunse, moti makasitomala ake enieni amasowa polowera.

Zimenezi zinachitikira GitHub, malo amene olemba mapulogalamu amasungirako ntchito zawo, pa 28 Febuluwale 2018. Achiwembu anagwiritsa ntchito maseva a pulogalamu yotchedwa memcached, imene ntchito yake ndi kusunga zinthu mongoyembekezera kuti mawebusayiti azitseguka msanga. Maseva amenewa amayenera kukhala m'kati mwa kampani, koma masauzande a iwo anali atasiyidwa poyera, akuyankha aliyense kudzera pa UDP, pa khomo nambala 11211. Funso la mabayiti ochepa chabe linkatha kubweretsa yankho lalikulu kuwirikiza ka masauzande ambiri. Mayankho onse atasefukira ku GitHub anafika pa materabiti 1.35 pa sekondi, ndipo malowo anasokonezeka kwa mphindi zosakwana khumi, mpaka mapaketi awo atawapatutsira ku kampani ya Akamai kuti iwasefe. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu Malichi 2013, bungwe la Spamhaus linamenyedwa mwa njira yomweyo kudzera m'maseva a DNS, ndipo mapaketi ake anafika pafupifupi magigabiti 300 pa sekondi.

Pa nkhani ziwiri zonsezi, chiwembu chinayambira pa netiweki ina imene inalola paketi yokhala ndi adiresi yabodza kutuluka. Paketiyo ikanatayidwa pa khomo loyamba, seva yosalakwa ija sikanalandira funso, ndipo sipakanakhala yankho loti likule.

Lamulo la pa khomo

Mankhwala ake analembedwa kalekale. Paul Ferguson ndi Daniel Senie anawafotokoza mu 1998 m'chikalata cha RFC 2267, ndipo mu Meyi 2000 chinatulukanso ngati RFC 2827, chimene akatswiri amachidziwa ndi dzina loti BCP 38. Mfundo yake ndi yaifupi: kampani yopereka intaneti imadziwa maadiresi amene inapatsa kasitomala wake, choncho paketi yochokera kwa kasitomalayo iloledwe pokhapokha adiresi yake ya kochokera ili m'gulu limenelo.

Mwachitsanzo, sukulu ina yapatsidwa gulu la maadiresi 256 lolembedwa 203.0.113.0/24, kutanthauza kuyambira 203.0.113.0 mpaka 203.0.113.255. Paketi ikafika pa rauta ya kampani kudzera pa waya wa sukuluyo, itanyamula adiresi ya 203.0.113.7, imadutsa. Ina ikafika pa waya womwewo ikunena kuti yachokera ku 198.51.100.20, imatayidwa pomwepo, chifukwa adiresi imeneyo si ya sukuluyo. Mwina kompyuta ina ya m'kalasi yagwidwa ndi pulogalamu yoipa, kapena makina ena anakonzedwa molakwika. Mulimonsemo, paketiyo siyenera kupitirira.

Kusefaku kumatheka m'mphepete mwa netiweki, pamene waya wa kasitomala umalowera. Pakati pa intaneti, pamene makampani akuluakulu amapatsirana mapaketi ochokera kumbali zonse za dziko, pafupifupi adiresi iliyonse ikhoza kukhala yoona, ndipo palibe angasiyanitse yabodza ndi yeniyeni. Mlonda wa pa geti la sukulu amadziwa ana a pasukulupo, koma wapolisi wa pamsewu waukulu sangadziwe kwawo kwa aliyense wodutsa.

Njira zosefera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulemba mndandanda wa maadiresi ololedwa pa waya uliwonse. Njirayi ndi yodalirika, koma mndandandawo umafunika kuusintha nthawi iliyonse kasitomala akawonjezeredwa maadiresi. Yachiwiri, yotchedwa uRPF, imasiyira ntchitoyi rauta. Paketi ikafika, rauta imatenga adiresi ya kochokera n'kuyang'ana m'buku lake la njira kuti ione waya umene ikanagwiritsa ntchito pobweza yankho. Ngati ndi waya womwewo umene paketi yalowera, paketi imadutsa. Pa marauta ambiri a Cisco, lamulo lake limalembedwa pa waya wa kasitomala motere:

```
ip verify unicast source reachable-via rx
```

Mawu akuti `rx` ndiwo amapangitsa kusefa kukhala kokhwima. Akalembapo `any` m'malo mwake, rauta imangoona ngati adiresiyo ili ndi njira iliyonse m'buku lake. Kusefa kofewa kotereku kumangogwira maadiresi amene kulibiretu, koma paketi yonamizira adiresi yeniyeni ya munthu wina, monga ya GitHub ija, imadutsa osavutika.

Pamene kusefa kumalakwika

Vuto lenileni limabwera kasitomala akakhala ndi makampani awiri omupatsa intaneti. Banki, mwachitsanzo, imalumikizidwa ku makampani awiri kuti waya umodzi ukaduka ntchito isaime. Bankiyo ikhoza kukonza zoti mapaketi obwera kwa iyo azidzera ku kampani yoyamba, pomwe ena otuluka azidzera ku kampani yachiwiri chifukwa ndi yotsika mtengo. Rauta ya kampani yachiwiri ikalandira paketi ya banki, imayang'ana m'buku lake n'kupeza kuti njira yabwino yofikira maadiresi a bankiyo imadzera kwina, osati pa waya umene paketi yalowera. Kusefa kokhwima kumaitaya paketiyo ngakhale adiresi yake ndi yoona.

Vuto lotere limazunguza chifukwa silidula intaneti yonse. Mawebusayiti ena amatseguka, ena ayi, kutengera waya umene paketi yatulukira. Katswiri amalizindikira poyang'ana chiwerengero cha mapaketi otayidwa ndi sefa pa waya wa kasitomalayo: chikamakwera pa nthawi yomwe kasitomala akudandaula, ndipo maadiresi a mapaketi otayidwawo ali ake enieni, ndiye kuti sefa ndiyo yalakwa. Chikalata cha RFC 3704 cha mu 2004, chodziwika kuti BCP 84, chinalembedwa poganizira makasitomala otere. Chimafotokoza njira yapakatikati, yolola paketi kulowa pa waya uliwonse umene kasitomala analengezapo maadiresi ake, ngakhale wayayo si njira imene rauta yasankha. Komabe si marauta onse amene ali ndi njira imeneyi, ndipo katswiri amene anagonapo tulo tochepa chifukwa cha sefa yotaya mapaketi a banki amafulumira kuichotsa n'kuiiwala.

Chifukwa chake ambiri sasefa

Mantha otaya mapaketi oona ndi chifukwa chimodzi. Chachikulu ndi chakuti phindu la kusefa silibwerera kwa wosefayo. Kampani imene yatseka khomo lake imateteza anthu a kutali amene sinawaonepo, pomwe makasitomala ake akhoza kumenyedwabe ndi mapaketi oyambira ku netiweki ya wina amene sanasefe. Ntchito, nthawi ya akatswiri ndi madandaulo a makasitomala zimagwera wosefa. Kasitomala samusankha chifukwa chakuti amasefa, popeza kusefako sikuoneka pa liwiro la intaneti kapena pa bilu.

Wosasefa nayenso samva kupweteka kulikonse. Mafunso otuluka m'netiweki yake ndi ang'onoang'ono, moti mawaya ake salemedwa. Womenyedwa amangoona maadiresi a maseva osalakwa amene akumuyankha, osati kumene mafunso anachokera. Kuti apeze gwero, ayenera kupempha kampani iliyonse ya m'njira kuti iyang'ane waya umene mapaketi analowera, kubwerera m'mbuyo khomo ndi khomo, ndipo kawirikawiri chiwembu chimatha kufufuzako kusanafike patali.

Palinso zifukwa za makina ndi za anthu. Marauta ena akale amachedwa kapena kuchepa malo osungira njira sefa ikayatsidwa. Pa marauta ambiri sefayi imabwera yozimitsa, ndipo woika makina amene cholinga chake n'choti kasitomala alumikizidwe lero saikumbukira. Makampani ena alibe kaundula wolongosoka wa maadiresi amene anapatsa kasitomala aliyense, makamaka pamene makampani awiri anaphatikizana. Ena anasefa maadiresi a IPv4 koma anaiwala kuchita chimodzimodzi atayamba kugwiritsa ntchito IPv6.

Kudziwa ngati netiweki imasefa

Kusefa sikuoneka bwino kuchokera kunja, choncho kuyeza kodalirika kumachitikira m'kati. Bungwe lofufuza la CAIDA, la ku yunivesite ya California ku San Diego, lili ndi pulogalamu yotchedwa Spoofer. Ikaikidwa pa kompyuta, imayesa kutumiza mapaketi angapo a maadiresi abodza ku maseva a bungwelo. Akafika, ndiye kuti khomo la netiwekiyo ndi lotseguka. Zotsatira zake zimaikidwa poyera, ndipo zimenezi zimathandiza eni netiweki kuona mpata umene sankaudziwa. Mu 2014 panayambikanso mgwirizano wa MANRS mothandizidwa ndi bungwe la Internet Society, ndipo kuletsa maadiresi abodza ndi chimodzi mwa zinthu zimene mgwirizanowu umayembekezera kwa makampani olowamo.

Malire a sefa

Kusefa pa khomo sikuthetsa chiwembu chilichonse. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inagwira makamera ndi zipangizo zina za m'nyumba zambirimbiri, ndipo zambiri zinkatumiza mapaketi ndi maadiresi awo enieni, amene sefa imawalola. Sefa ya pa waya wa sukulu ija siletsanso kompyuta ya 203.0.113.7 kunamizira kuti ndi 203.0.113.9, chifukwa onse ali m'gulu lololedwa. Zimene imachita ndi ziwiri: imachotsa mwayi wokulitsa chiwembu kudzera m'maseva osalakwa, ndipo imachititsa kuti paketi yoipa ilondolekenso mpaka ku waya umene inachokera. Malo osavuta kuyambira ndi mawaya a makasitomala olumikizidwa ku kampani imodzi yokha, amene ndiwo ochuluka, chifukwa kwa iwo njira yotulukira ndi yobwerera ndi imodzi, ndipo kusefa kokhwima sikutaya paketi yoona.