Oonera Adandaula: Kodi Filimu Idulidwe Pati?

Filimu ya Sunset Boulevard isanatuluke mu 1950, Billy Wilder, yemwe anaitsogolera, anakaionetsa kwa anthu wamba ku Evanston, m'chigawo cha Illinois ku Amereka. Inkayambira m'nyumba ya chisoni, mitembo ikufotokozerana mmene inafera. Anthu anafa nazo nseko pamalo osafunika kuseka. Wilder anachotsa chiyambicho, ndipo lero filimuyi imayamba ndi mtembo ukuyandama m'dziwe losambiramo.

Mpaka pano opanga mafilimu amachita zomwezi. Akalumikiza zigawo zonse koyamba, mawu, nyimbo ndi mitundu zisanakonzedwe bwino, amaitana anthu kuti aonere. Mkonzi amene wakhala ndi filimu miyezi ingapo amaidziwa kwambiri nkhaniyo, moti sangathenso kuona pamene mlendo angasokonezeke.

Pa filimu yaing'ono, anthu 10 mpaka 15 ndi okwanira, bola akhale oti sanawerenge nkhaniyo, sanasewere nawo, komanso si achibale oopa kukukhumudwitsani. Auzeni kuti mawu ndi mitundu sizinathe, koma za nkhaniyo musawauze kanthu. Inu khalani kumbuyo ndi wotchi, n'kumalemba mphindi imene anthu aseka, ayamba kunong'onezana kapena atulutsa mafoni. Zimenezi sanama nazo, pomwe pakamwa munthu amatha kungoyamikira mwaulemu.

Filimu ikatha, aliyense ayambe walemba payekha asanakambirane, chifukwa wamkulu akangoyankhula poyamba, ena onse amangovomera. Funso lakuti "mwaikonda?" silithandiza. Apempheni afotokoze nkhaniyo m'ziganizo zitatu, anene chimene mwininkhani akufuna, atchule pamene anasokonezeka ndi pamene anatopa.

Ntchito yovuta ndi yosefa mayankhowo. Walter Murch, yemwe anakonza filimu ya The English Patient, amayerekeza oonera ndi wodwala amene akumva kupweteka pachigongono pomwe vuto ndi mtsempha wapaphewa. Malo amene akupweteka amawaloza molondola, koma gwero lake nthawi zambiri limakhala kwina.

Tiyerekeze kuti mwaonetsa filimu ya mphindi 20 kwa anthu 12. Mwa iwo, 7 alemba kuti chigawo cha pa mphindi 14, pomwe mayi akukangana ndi mchimwene wake za munda wa makolo awo, ndi chachitali, chidulidwe. Musafulumire kudula. Werengani kaye mmene afotokozera nkhaniyo. Mwina mupeza kuti 5 mwa iwo amayesa kuti mwamunayo ndi mwamuna wake wa mayiyo. Kwa iwo, mkanganowo ndi ndewu wamba ya m'banja, n'chifukwa chake ukutopetsa. Mukabwerera m'mbuyo mupeza kuti ubale wa awiriwa unatchulidwa kamodzi kokha, pa mphindi 3, phokoso la minibasi litaphimba mawuwo. Pokonza ndi pamenepo: kwezani mawuwo, kapena bwezerani kachigawo kamene munachotsa, koonetsa awiriwa ali kumanda a bambo awo. Mukanadula pa mphindi 14, mukanawononga chigawo chabwino, vuto lenileni n'kukhalapobe.

Choncho dandaulo loyenera kulitsatira ndi limene anthu angapo alemba paokha, makamaka likagwirizana ndi mphindi zimene munalemba muli kumbuyo. Kusamvetsa mfundo, monga uyu ndi ndani kapena papita nthawi yaitali bwanji, kumafunika kukonza ngakhale odandaula ali awiri okha. Koma munthu mmodzi akati sakonda nyimboyo, kapena akufuna mwininkhani akwatiwe pomaliza, amenewo ndi makonda ake. Akakuuzani chochita, mufunseni chimene chinamusowetsa mtendere, chifukwa chothandiza kwa inu ndi chimenecho.

Filimu ya Blade Runner ya Ridley Scott imasonyeza zimene zimachitika mantha akalowapo. Oonera a ku Denver ndi Dallas atasokonezeka nayo mu 1982, eni ndalama anaonjezeramo mawu ambiri a Harrison Ford ofotokoza nkhaniyo, komanso mathero osangalatsa. Kusokonezekako kunali koona, koma yankho lake ambiri sanakhutire nalo, ndipo pamene filimuyi inatulutsidwanso mu 1992, zonse ziwirizo zinachotsedwa. Si kusautsika kulikonse kumene kuli vuto. Ngati munafuna kuti oonera akwiye ndi zochita za mwininkhani, ndipo akwiyadi, chigawocho chagwira ntchito yake.

Mukakonza, musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi, kuopa kuti simudzadziwa chimene chathandiza. Sungani filimu yakaleyo, ndipo yatsopanoyo ionetseni kwa anthu ena, pakuti oyamba aja akudziwa kale kuti awiri aja ndi pachibale. Atsopanowa akafotokoza nkhani molondola, ndipo osatchulanso mphindi 14, chigawocho chisiyeni mmene chilili.