Kulonjerera ndalama zako popanda "pepani" katatu

Tiyerekeze telala wa ku Ndirande amene wasokera sukulu ina yapulaiveti mayunifolomu 40, iliyonse pa mtengo wa K15,000. Anagwirizana kuti K600,000 yonse iperekedwa pa 30 Sepitembala. Padutsa masabata awiri, kuli zii. Mayiyu akulembera mwini sukulu pa WhatsApp:

"Pepani kwambiri Bambo pokusowetsani mtendere, ndikudziwa ndinu otanganidwa. Pepani, ndimangofunsako za kandalama kaja ngati n'kotheka. Ngati zili zovuta palibe kanthu, ndidikira. Pepaninso."

Ulemu ulimo, koma uthengawu sungabweretse ndalama. Mulibe tsiku, mulibe kuchuluka kwa ngongole, ndipo K600,000 yasanduka "kandalama". Choopsa kwambiri ndi chiganizo chakuti "palibe kanthu, ndidikira". Mwini sukulu ali ndi aphunzitsi ofuna malipiro komanso mabilu a madzi ndi magetsi. Akaona kuti mmodzi mwa omulonjerera wavomera yekha kudikira, ameneyo ndiye amamuika kumapeto kwa mzere.

Pokonza uthengawu, mayiyu ayambe ndi kudzifunsa pa "pepani" aliyense kuti walakwira ndani, ndipo wamulakwira chiyani. Mayunifolomu anafika nthawi yake, ana akuvala. Kufunsa malipiro a thukuta lako si mlandu, choncho "pepani" onse atatu achoke. M'malo mwake mulowe zimene anagwirizana, ndi pempho limodzi lokhala ndi tsiku:

"Mwadzuka bwanji Bambo? Ndikukumbutsani za K600,000 ya mayunifolomu 40 aja, imene tinagwirizana kuti iperekedwa pa 30 Sepitembala. Chonde munditumizire pofika Lachisanu, pa Airtel Money kapena kubanki. Ngati tsikuli silitheka, mundiuze lero tsiku limene mungathe. Zikomo."

Ambiri amaopa kuti akachotsa kupepesa amveka amwano. Koma ulemu wonse watsala: moni ulipo, "Bambo" alipo, "chonde" ndi "zikomo" aliponso, ndipo munthuyo wapatsidwa mpata wotchula tsiku lina. Mwano umayambira pena. Umayamba munthu akadumpha moni, akalemba kuti "mwandizunza mokwanira", kapena akaopseza za kupolisi pa chikumbutso choyamba. Choyesera chake n'chapafupi: chiganizo chikunena za ndalama ndi tsiku, kapena za khalidwe la munthuyo? Chonena za khalidwe chifufutidwe, chifukwa chimapatsa wangongole nkhani ina yokangana nayo, ndalama n'kuiwalika.

Nanga telalayo akanakhala kuti ndiye anachedwetsa ntchito? Pamenepo kupepesa n'koyenera ndithu, koma kamodzi, kotchula cholakwacho ndi mmene chikonzedwere: "Pepani kuti mayunifolomu 10 otsala sanafike Lolemba monga ndinalonjezera. Ndibweretsa Lachitatu m'mawa." Nkhani ya mashini owonongeka ndi kuzimazima kwa magetsi aisiye, pokhapokha mwini sukulu atafunsa, pakuti chimene iye akufuna kudziwa ndi tsiku loti auze makolo.