Kalata ya kholo yothokoza mphunzitsi chaka cha sukulu chikamatha

Kalata yothokoza mphunzitsi ndi uthenga waufupi umene kholo limalembera munthu amene wakhala akuphunzitsa mwana wake chaka chonse. Ikhoza kukhala ya pa pepala, ya pa foni kapena mawu a pakamwa. Ntchito yake ndi kuuza mphunzitsiyo chimene chasintha mwa mwana chifukwa cha khama lake. M'Malawi chaka cha sukulu chili ndi matemu atatu, ndipo m'zaka zaposachedwapa chakhala chikuyamba mu Seputembala n'kutha mu Julaye. Choncho nthawi yolemba kalatayi ndi kumapeto kwa temu yachitatu, pamene ana akulandira zotsatira zonena ngati apita kalasi ina kapena abwereza. Ku Zambia chaka cha sukulu chimatha mu Disembala, ndipo kalata yotereyi imalembedwa nthawi imeneyo.

Pofuna kudziwa zoyenera kulembamo, kholo liyambe laganizira momwe mphunzitsi amagwirira ntchito. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ang'onoang'ono a m'sukulu zambiri za boma amadzaza kwambiri, ndipo si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi m'chipinda chimodzi kapena pansi pa mtengo. Mphunzitsi wa ana ochuluka chotere amaona mwana aliyense kwa mphindi zochepa patsiku. Amaona kope lake pochonga, amamumva akuwerenga mzere umodzi pa bolodi, kenako n'kupita kwa wina. Sakhalapo madzulo pamene mwanayo watenga paketi ya shuga n'kuyamba kutchula zolembedwapo, kapena pamene akuwerengera agogo ake uthenga umene wabwera pa foni. Zimenezi amaziona ndi makolo okha, ndipo ndi zimene kalata yothokoza iyenera kunyamula, chifukwa mphunzitsi alibe njira ina yozidziwira.

N'chifukwa chake kalata yongonena kuti "zikomo chifukwa cha ntchito yabwino imene mukugwira" imachepa mphamvu. Mawuwo ndi aulemu ndithu, koma akhoza kupita kwa mphunzitsi aliyense wa sukulu iliyonse, ndipo woilandira sadziwa kuti n'chiyani chimene anachita bwino. Kalata yabwino imasankha chinthu chimodzi n'kuchifotokoza m'magawo atatu: momwe mwana analili chaka chikuyamba, chimene mphunzitsi anachita, ndi chimene kholo laona kunyumba.

Nachi chitsanzo cha mayi amene mwana wake wamkazi wamaliza Sitandade 2. Mwanayo analowa m'kalasimo akudziwa kuimba a, e, i, o, u pamodzi ndi anzake, koma akamuloza chilembo chimodzi payekha ankangoti duu. Ankasokonezanso b ndi d, moti pofuna kulemba "bambo" ankalemba "dambo". Mphunzitsi ataona zimenezi anamusuntha kuchoka kumbuyo n'kumukhazika kutsogolo, ndipo ankamupatsa timakadi ta maphatikizo, todula ku katoni, kuti azikayeserera kunyumba. Pofika temu yachitatu mwanayo anayamba kuwerenga yekha. Mayiyo akhoza kulemba motere, atayamba ndi keyala yake ndi tsiku pamwamba monga mwa kalata iliyonse:

"Okondedwa Aphunzitsi, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi a pabanja panu. Ine ndine mayi ake a Uje, wa mu Sitandade 2 B. Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni. Pamene Uje ankayamba kalasi yanu sankatha kusiyanitsa b ndi d, ndipo m'mawa uliwonse ankalira kukana kupita kusukulu. Inu munamukhazika kutsogolo ndi kumupatsa timakadi ta maphatikizo tija. Timakaditi tikadalipo, timatisunga m'jumbo ya shuga. Sabata yatha anandiwerengera dzina la mankhwala ndi tsiku lobwerera kuchipatala m'buku la kusikelo la mng'ono wake, ndipo panopa amadzuka yekha kukasamba kuti asachedwe. Ndikudziwa kuti ana munali nawo ambiri, koma wangayu simunamutaye. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni, ndipo mupume bwino pa holideyi. Ndine, mayi ake a Uje."

Kalatayi siposa theka la tsamba la kope, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito. Kutchula dzina lonse la mwana ndi kalasi yake n'kofunika, chifukwa m'kalasi imodzi mukhoza kukhala ana atatu a dzina limodzi, ndipo sukulu zazikulu zimagawa Sitandade imodzi m'magulu A, B ndi C. Kutchula timakadi kukuuza mphunzitsi kuti njira imene anayesa inathandiza, ndiye chaka chamawa adzaigwiritsanso ntchito kwa mwana wina wa vuto lomwelo. Nkhani ya buku la kusikelo ndiyo mtima wa kalata yonse, popeza ndi chinthu chimene palibe kholo lina lingachilembe. Mawu ovomereza kuchuluka kwa ana nawo ngofunika. Akusonyeza kuti wolembayo akudziwa mtolo umene mphunzitsi anasenza.

Pa nkhani ya ulemu, mphunzitsi amalemberedwa ndi "inu" ngakhale atakhala wamng'ono kwa kholo. Kumutchula kuti "Aphunzitsi" n'kokwanira, ndipo wodziwa dzina la bambo wawo akhoza kulemba kuti "Mayi" kapena "Bambo" n'kutsatiza dzinalo. Ambiri amanena kuti "Madamu" kapena "Sala", ndipo mawuwa ndi ozolowereka pakamwa ndi pa foni. Makolo ena amaganiza kuti kalata yopita kusukulu iyenera kukhala ya m'Chingerezi, ndiye amakapempha munthu wina kuti awalembere, kapena amakopera mawu okonzedwa kale amene amayendayenda pa foni. Mawu oterowo amazindikirika msanga. Amakhala osalala koma mulibe dzina la mwana, mulibe chochitika, ndipo nthawi zina mphunzitsi amalandira uthenga womwewo kuchokera kwa makolo awiri. Chichewa cha tsiku ndi tsiku, cholembedwa ndi dzanja la kholo lenilenilo, chimafika patali kuposa pamenepo.

Nthawi yoperekera kalata ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa mosadziwa. Kalata yothokoza ikafika mayeso a temu yachitatu asanalembedwe, kapena pamene aphunzitsi akuchonga, ikhoza kuoneka ngati yonyengerera kuti mwana akhozetsedwe. Zimaipiraipira ikabwera ndi nkhuku, nsalu kapena envulopu ya ndalama. Mphunzitsi wa sukulu ya boma ndi wogwira ntchito m'boma, ndipo mphatso yobwera iye asanamalize kulemba malikisi imamuika pamalo ovuta. Akaikana aoneka wamwano, akailandira anzake ndi makolo ena anganene kuti walandira chiphuphu. Njira yopewera zonsezi ndi kudikira mpaka zotsatira zitaperekedwa, pa tsiku lotsekera sukulu. Pamenepo palibe chimene mphunzitsi angasinthe, ndipo zikomo amamveka kuti ndi zikomo basi. Makolo amene akufunitsitsa kupereka mphatso angachite bwino kusonkherana monga kalasi kudzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, n'kuipereka poyera ahedi akudziwa. Kutero kumatetezanso kholo limene lilibe kanthu m'manja kuti lisachite manyazi.

Ana a Sitandade 8 nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono. Iwo amalemba mayeso a MANEB anzawo asanatsekere, ndipo akamaliza sabwereranso m'kalasi. Mayesowa sachongedwa pasukulupo, choncho kholo likhoza kuthokoza mayeso akangotha, osadikira kuti mayina a osankhidwa kupita ku sekondale atuluke. Kuthokoza kwa nthawi imeneyi kumaonetsa kuti kholo layamikira ntchito ya mphunzitsi, kaya mwana asankhidwa kaya ayi.

Chinthu china chimene chimaononga kalata ndi kuisenzetsa pempho kapena dandaulo. Kholo limayamba bwino ndi kuthokoza, kenako n'kuwonjezera kuti mwana adzaikidwe m'kalasi ya mphunzitsi wakuti chaka chamawa, kapena kufunsa chifukwa chake malikisi a masamu atsika. Woiwerenga amaiwala zoyambirira zonse n'kutsala ndi pempholo. N'chimodzimodzinso ndi kuyamikira mphunzitsi ponyoza mnzake, monga kulemba kuti wa chaka chatha sankaphunzitsa. Aphunzitsi amakhala m'chipinda chimodzi pa nthawi yopuma, ndipo kalata imatha kuyenda m'manja. Madandaulo ali ndi njira yake, yomwe ndi kukaonana ndi mphunzitsi kapena ahedi tsiku lina.

Mwana akabwereza kalasi, makolo ambiri amangokhala chete, mwina chifukwa cha manyazi kapena kukhumudwa. Komatu nthawi zambiri mwana wovutika ndi amene mphunzitsi anataya naye nthawi yochuluka. Kholo lotere siliyenera kunama kuti zonse zayenda bwino. Likhoza kulemba zoona zokhazokha, kuti mwana sanakhoze koma wasiya kujomba, kapena kuti tsopano amatha kulemba dzina lake lonse, ndiponso kuti mphunzitsi anachita bwino kuitanitsa kholo msanga vuto litaoneka.

Kaperekedwe kake nako kamafuna nzeru. Kalata yopatsira mwana wa Sitandade 1 kapena 2 imatha kuthera m'chikwama, itanyowa ndi madzi akumwa kapena itamatirira ku mbatata yootcha. Ndi bwino kholo kupita nayo lokha pa tsiku lotsekera, kapena kuipinda m'envulopu yolembedwa dzina la mphunzitsi n'kuisiya ku ofesi ya ahedi. Kuyambira Sitandade 5 kupita m'tsogolo, ndiponso ku sekondale, mwana amakhala ndi aphunzitsi angapo, choncho dzina ndi phunziro zilembedwe momveka kuti kalata isasochere. Uthenga wa pa foni ndi wabwinonso, makamaka kwa kholo limene lili kutali, monga limene likugwira ntchito ku Joni mwana ali ndi agogo ake kumudzi. Koma upite ku nambala ya mphunzitsiyo payekha. Gulu la WhatsApp la makolo a kalasi si malo ofotokozerapo kuti mwana ankalephera kuwerenga kapena ankadzikodzera m'kalasi, chifukwa mawa lake anzake adzakhala atamva. Utumizidwenso masana, osati usiku anthu atagona.

Kholo limene silidziwa kulemba lisadzione ngati latsalira. Likhoza kupita kusukulu pa tsiku lotsekera, kudikira kuti mwambo uthe, n'kupempha mphindi ziwiri kwa mphunzitsi kuti linene zinthu zitatu zomwe zija: momwe mwana analili, chimene aphunzitsi anachita, ndi chimene chaoneka kunyumba. Ngati mwanayo wafika poti amatha kulemba, kholo linene mawu, iye alembe ndi dzanja lake pa tsamba la kope, ngakhale zilembo zikhale zokhotakhota, ndipo kholo lisainire kapena kudinda chala pansi pake. Mphunzitsi wa kalasi yaing'ono akalandira kalata yotero amakhala akuwerenga zilembo zimene anaphunzitsa yekha.