Soketi Imodzi Siingasenze Katundu wa Nyumba Yonse

Nyumba zambiri zimene zalandira magetsi kumidzi ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu zili ndi soketi imodzi kapena ziwiri zokha pakhoma. Pofuna kuchulukitsa malo olumikizapo, eni nyumba amagula ekisitenshoni ya mabowo anayi kapena asanu, kapena adaputa yotsika mtengo ya pamsika. Koma kuchuluka kwa mabowo sikuwonjezera mphamvu ya chingwe. Magetsi onse opita ku ziwiya zolumikizidwazo amadutsabe m'chingwe chimodzi ndi pulagi imodzi.

Pulagi ya mano atatu imene imagwiritsidwa ntchito m'Malawi inapangidwa kuti isenze maampu 13, ndipo pamsana pake pamalembedwa 13A. Pa magetsi a m'nyumba za kuno, mlingo umenewu ndi mawati pafupifupi 3,000. Chiwiya chilichonse chili ndi kachizindikiro kunsi kapena kumbuyo kwake kosonyeza mawati ake, nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Choncho munthu aliyense wodziwa kuwonkhetsa angathe kudziwa ngati ekisitenshoni yake yalemedwa.

Mwachitsanzo, mayi wina akukonzekera ulendo wa ku sikelo m'mamawa. Wateleka madzi m'ketulo ya mawati 2,000. Phala la mwana lili pa hotipuleti ya mawati 1,500, ndipo bambo akusita malaya ndi simbi ya mawati 1,200. Zonsezi zili pa ekisitenshoni imodzi. Kuwonkhetsa pamodzi ndi mawati 4,700, amene ali maampu oposa 20 pa chingwe choyenera maampu 13. Choopsa n'chakuti kutentha kwa waya kumakwera msanga kuposa katunduyo: magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. M'nyumba ya mayiyu chingwe chikutulutsa kutentha koposa kawiri mlingo wake. Koma wailesi, kanema ndi mafoni atatu pa ekisitenshoni yomweyo kawirikawiri sizifika ngakhale mawati 300. Ziwiya zotenthetsa ndizo zolemera.

Mu ekisitenshoni yabwino, fyuzi ya m'pulagi imapsa katundu akapitirira kwambiri, ndipo magetsi amaduka. Zambiri zotsika mtengo zilibe fyuzi, ndipo waya wake ndi wowonda ngakhale pamwamba palembedwe 13A, kotero zimatentha katundu asanafike n'komwe pa mawati 3,000. Ena fyuzi ikapsa amamangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Kutero n'kuchotsa mlonda pakhomo. Munthu asadalirenso chothimitsa cha m'bokosi lalikulu la pakhoma, popeza ntchito yake ndi kuteteza mawaya okhuthala a m'khoma. Magetsi okwanira kusungunula chingwe chowonda angathe kudutsa icho osathima.

Moto ungayambenso ngakhale katundu ali wochepa. Tizitsulo ta m'mabowo a adaputa yotsika mtengo timakhwefuka msanga, makamaka ngati anthu akakamizamo pulagi ya mano awiri ozungulira, kapena kulowetsamo mawaya opanda pulagi n'kuwachirikiza ndi timitengo ta machesi. Pamalo pokhwefukapo pamathetheka ndi kutentha, ndipo pa vuto ili fyuzi siithandiza.

Ekisitenshoni imachenjeza isanayake. Pulagi imatentha poikhudza, m'mbali mwa mabowo mumada, pamamveka kuthetheka, ndipo m'chipinda mumanunkha pulasitiki yopserera, nthawi zina fungo longa la nsomba. Yotereyi ndi yoyenera kutayidwa. Kuimanga ndi tepi sikuikonza. Chingwe chisadutse pansi pa mphasa, matiresi kapena matumba a chimanga, chifukwa kutentha kumasowa kothawira, ndipo ekisitenshoni isalumikizidwe pa inzake. Ketulo, simbi ndi hotipuleti zilumikizidwe pa soketi ya pakhoma, chimodzichimodzi. Magetsi akathima, zonse zizulidwe nthawi yomweyo, poti angabwerenso pakati pa usiku anthu ali m'tulo, hotipuleti ili chiyatsire.

Moto ukabuka, choyamba ndi kutulutsa ana ndi kuthimitsa magetsi pa bokosi lalikulu, ngati njira yofikirapo ili yotseguka. Madzi asathiridwe magetsi asanathime, chifukwa wothirayo angagwidwe nawo. Mchenga wouma ndiwo wothandiza pa moto waung'ono. Utsi ukachuluka, onse atuluke ndipo wina asabwererenso kukapulumutsa katundu. Munthu wopsa athiridwe madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, afunditsidwe nsalu yoyera, ndipo apite naye kuchipatala msanga. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano asapakidwe pa bala, popeza zimenezi zimalowetsa tizilombo ndi kuvutitsa achipatala politsuka.