KULEMBA MAWU A M'KANEMA PAMENE CHINYANJA CHASAKANIKIRANA NDI CHINGEREZI

Okondedwa atsogoleri a makalasi a akulu,

Ambiri a inu mwayamba kujambula makolo pa foni akamasimba mbiri ya mudzi. Tsono ikafika nthawi yoika mawuwo papepala, pamabuka vuto. Mayi akufotokoza bwinobwino m'Chinyanja, mwadzidzidzi mukumva "bai dati taimu", kenaka "tinakalejisitala". Kodi wolemba achite chiyani? Amasulire? Asiye? Yankho lathu n'lakuti: lembani chimene khutu lamva, tanthauzo muliike pambali. Tiyeni tione chifukwa chake ndi kachitidwe kake.

Chingerezichi chinachokera kuti?

Mlendo angadabwe kumva Chingerezi ku Tsangano ndi ku Macanga, poti chilankhulo cha boma kuno n'Chipwitikizi. Koma maboma awiriwa achita malire ndi Malawi. Anthu a ku Tsangano amagulitsa kachewere ndi kabichi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu, ndipo ambiri amamvera wailesi za ku Malawi. Ena makolo awo anakagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Koposa zonse, pa nthawi ya nkhondo, makamaka kuyambira 1986, anthu ankhaninkhani anathawira ku Malawi, mpaka chiwerengero chawo chinafika pa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, anayamba kubwerera, ambiri mu 1993 ndi 1994. Anabwera ndi mapoto ndi makasu, komanso ndi mawu atsopano.

Choncho mawu a Chingerezi m'kamwa mwa munthu ali ngati chidindo cha pamalire: amasonyeza kumene anapita. Mayi akanena "khadi la leshoni", ife n'kulemba "chiphaso cha chakudya", chiganizo chakoma ndithu, koma tafafaniza umboni. Ndiponso tamuika m'kamwa mawu amene sananene.

Kukonzekera

Tengani kope, mulembe mizere iwiri yotsika kuti tsamba ligawike patatu. Gawo loyamba likhale laling'ono: ndi la nthawi ya pa kanema, monga 02:14. Lachiwiri likhale lalikulu: ndi la mawu enieni. Lachitatu ndi la matanthauzo ndi mafunso.

Gwirani ntchitoyi awiriawiri, wina kuimitsa kanema, wina kulemba, ndipo mmodzi akhale wodziwako Chingerezi. Yambani mwaonera kanema yense osalemba kanthu, kuti khutu lizolowere mawu a wolankhulayo. Kenaka muzimvera masekondi asanu kapena khumi, kuimitsa, kulemba, n'kumveranso. Ngati foni ili ndi VLC, mukhoza kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75x, mukatsitsa kwambiri mawu amapotoka. Musadabwe ngati mphindi zisanu za kanema zikudyerani ola lathunthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mitundu itatu ya mawu

Si mawu onse ochokera ku Chingerezi amene tiwachitire zofanana. Alipo mitundu itatu.

Woyamba ndi wa mawu amene anakhazikika kalekale, monga sukulu, buledi, sitolo, botolo, khadi. Awa ndi Chinyanja basi. Muwadziwa chonchi: gogo amene sanaphunzirepo Chingerezi amawanena osaganiza n'komwe kuti ngachilendo. Alembeni wamba, popanda chizindikiro.

Wachiwiri ndi wa tsinde la Chingerezi lovekedwa zovala za Chinyanja. Taonani "tinakalejisitala": ti- ndi ife, -na- ndi kale, -ka- ndi kupita kumeneko, ndipo "lejisitala" ndiye mlendo, kutanthauza kulembetsa dzina. Amenewa ndi mawu amodzi. Musawadule pakati, musaikepo kamzere kolekanitsa. Ingodulani mzere kunsi kwa tsinde lachilendolo lokha.

Wachitatu ndi wa kagulu ka mawu a Chingerezi otsatizana, monga "bai dati taimu", ndiko kuti pa nthawi imeneyo. Dulani mzere kunsi kwa kagulu konseko.

Katswiri wina wa zilankhulo, Carol Myers-Scotton, anafotokoza m'buku lake la 1993 kuti anthu akamasakaniza zilankhulo m'chiganizo, kawirikawiri chimodzi ndicho chimamanga nyumba, chinacho chimangolowamo ngati mlendo. Kwathu kuno mwini nyumba n'Chinyanja. Izi zimathandiza pomvera: mukakumana ndi mawu aatali osamveka, yambani mwachotsa ti-, na-, ku-, ndi-, ma- za kumayambiriro. Chotsalacho ndicho mukafunse kwa wodziwa Chingerezi.

Kalembedwe kake

Ife timalemba mawu achilendowa m'kalembedwe ka Chinyanja, monga anatulukira m'kamwa. Zifukwa n'ziwiri. Choyamba, tsambali lidzawerengedwa ndi ophunzira anu, amene akudziwa maphatikizo a Chinyanja okha. "So-pu" awerenga, koma kalembedwe ka Chingerezi kawagwetsa ulesi. Chachiwiri, mayiyo ananenadi "leshoni", sananene monga anenera Mngerezi. Mukasankha kalembedwe ka liwu, kasungeni mpaka kumapeto: pasakhale "leshoni" pa tsamba loyamba, "resheni" pa lachitatu. Lembani liwu lililonse lotere kumapeto kwa kope kuti muzionerapo. Inu amene munazolowera kulemba c pamene ena amalemba ch, pitirizani, lamulo n'lomwelo.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mawu osiyana a Chingerezi amatha kufanana akalowa m'Chinyanja. "Laiti" akhoza kukhala nyale, kumanja, kapena kulemba. "Fomu" ikhoza kukhala pepala lolembapo maina kapena kalasi ya ku sekondale. N'chifukwa chake gawo lachitatu lija silikhala lopanda kanthu.

Chitsanzo

Mawu ali m'munsiwa tawapeka tokha potsata kalankhulidwe ka kwathu. M'malo mwa mzere wa kunsi, pano Chingerezi tachilemba ndi zilembo zazikulu, ndipo Chipwitikizi tachiika pakati pa nyenyezi.

02:05 Nthawi imene ija, popanda *giya* sunkapita ku Tete.
02:14 Tinafika ku Ntcheu mu NAINTINI EYITE SIKISI, eee... tinakaLEJISITALA, n'kutipatsa khadi la LESHONI.
02:23 BAI DATI TAIMU a m'mudzi mwathu tinalipo mabanja FIFITINI (?), SO ankatiKAUNTA pamodzi.
02:31 Ana aja... (osamveka, tambala akulira) ...mpaka tinabwerera.

Tiyeni tiyende nawo mzere ndi mzere.

Pa 02:05 pali msampha. Mnyamata wodziwa galimoto angamve "giya" n'kuganiza za magiya a Chingerezi, osinthira liwiro. Koma apa mayi akunena kalata yaulendo imene munthu ankayenera kukhala nayo m'zaka za nkhondo, ndipo liwulo n'la Chipwitikizi. M'kope muzidula mizere iwiri kunsi kwa mawu a Chipwitikizi, umodzi kunsi kwa a Chingerezi. Mukakayika, onani kumene nkhani ili: ikakhala tsidya lino, ganizirani Chipwitikizi poyamba, ikaoloka malire, ganizirani Chingerezi. Imeneyi ndi njira yongoyambira, si chigamulo, poti munthu amayenda ndi mawu ake kulikonse.

Pa 02:14 chaka tachilemba m'mawu monga chinanenedwera, ndipo m'gawo lachitatu tilemba 1986. Tikadangolemba 1986 m'gawo lachiwiri, palibe akanadziwa ngati mayiyo anawerenga m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, pamene zimenezo zimatiuza kumene anazolowera kuwerenga. "Eee" tamusiya, chifukwa akusonyeza pamene anaima kuti akumbukire. Khadi sitinaikepo chizindikiro, koma "leshoni" taikapo, n'kulemba pambali kuti: chakudya chogawira othawa nkhondo. Kwanu akakhala kuti "leshoni" amanena ndi aliyense, mukhoza kumuwerengera ku mtundu woyamba. Gwirizanani, ndipo lembani m'kope zimene mwagwirizanazo.

Pa 02:23 ndipo pali choopsa chachikulu. M'Chingerezi 15 ndi 50 amasiyana pothera pokha: fifitini ndi fifite. Chimodzimodzi 13 ndi 30, satini ndi sate, mpaka 19 ndi 90. Munthu akalankhula mofulumira, "ni" wa kumapeto amamezeka. Mabanja 15 ndi mabanja 50 si nkhani imodzi. Tikalakwa apa, adzukulu adzalakwa nafe. Pamenepa kanema amaposa wailesi: yang'anani chithunzi. Anthu ambiri akamatchula chiwerengero amasonyeza ndi zala, ndipo mukaona zotere lembani m'gawo lachitatu kuti "waonetsa dzanja katatu". Zikakanika, ikani (?) n'kukafunsa mwini wake, koma mufunse m'Chinyanja: "Amayi, paja munati khumi ndi asanu, kapena makumi asanu?"

Kaliwu kaja "so" n'kosavuta kukadumpha. Timawu totere, "so", "bati", "deni", khutu limatimasulira lokha, dzanja n'kulemba "ndiye" kapena "koma" mwini wake osazindikira. Kulakwa kumeneku ndi kumene kumachitika kawirikawiri, ndipo amagwamo kwambiri ndi odziwa bwino Chingerezi.

Pa 02:31 sitinamve, ndipo tanena poyera kuti sitinamve. Ndi bwino kusiya mpata kusiyana n'kudzazamo mawu oganizira.

Mudziwa bwanji kuti mwalemba bwino?

Mukamaliza, mupatse kopelo munthu wachitatu amene sanalembe nawo. Kanema azilira, iye azitsata ndi chala. Paliponse pamene chala chatsalira kapena chatsogola, pali liwu losowa kapena loonjeza. Chizindikiro china n'ichi: tsamba likaoneka loyera, lopanda mzere wa kunsi ngakhale umodzi, pamene mukukumbukira kuti wolankhula ankasakaniza, dziwani kuti wolemba wamasulira m'malo molemba.

Pomaliza, pitani mukawerengere mwini mawu. Ena akamva Chingerezi chawo amachita manyazi n'kunena kuti, "Konzani, aphunzitsi, ndinaphonya." Afotokozereni kuti sanaphonye, ndipo kope loyambali ndi losunga. Ngati mufuna ndime yowerenga m'kalasi, mukhoza kulemba kope lachiwiri m'Chinyanja chosalala, koma pamwamba pake mulembe kuti "yokonzedwa", ndipo muwawerengerenso avomereze. Nkhani za nkhondo zimatchula anthu amene abale awo akali m'mudzi momwemo. Mwini mawu akapempha kuti dzina lichotsedwe, lichotseni m'kope lowerenga m'kalasi, ndipo loyambalo lisamayendeyende.

Pa chikuto cha kope loyamba lembani tsiku lojambula, mudzi, ndi utali wa kanema. Kanemayo musamufafanize m'foni musanamusungire pena, pakuti tsiku lina wina adzafuna kumvanso ngati mabanja aja anali fifitini kapena fifite.